Malire Awiri a Batire Limodzi

Pali phokoso limene amisiri a zamagetsi a sola amalizindikira ali kunja kwa nyumba. Limayamba usiku, anthu atatha kudya, wailesi yakanema ikuyaka, mafoni ali pa tchaja. Mukabokosi koteteza batire mumamveka kugogoda, kha-kha-kha-kha, ndipo mababu amaphethira motsatira kugogodako. Eninyumba amati kabokosiko kafa. Koma nthawi zambiri sikanafe. Kakuchita zimene kanapangidwira, kungoti amene anakapanga anakapatsa malire amodzi pamene batire limafuna awiri.

Ntchito ya kabokosika ndi yosavuta kuifotokoza. Batire la asidi la mavoliti 12 limawonongeka msanga mukamalikama mpaka kutheratu, choncho pamafunika chinthu choti chidule magetsi voliteji ikatsika kufika poipa, tinene pa mavoliti 11.5. Mkati mwake mumakhala kachipu kotchedwa kompareta, kamene kali ndi miyendo iwiri yolowera, wa + ndi wa −, ndi mwendo umodzi wotulukira. Kachipuka sikadziwa china chilichonse koma kuyerekeza. Mwendo wa + ukakhala pamwamba pa mwendo wa −, kotulukira kumakwera. Wa − ukapambana, kumatsika. Mukaika voliteji yokhazikika pa mwendo umodzi ndi voliteji ya batire pa winawo, ndiye kuti mwapeza mlonda wodula rilei pa 11.5. Papepala zimaoneka zatha.

Vuto lili m'batire momwemo. Batire limene likutulutsa maampu 4 silionetsa voliteji yofanana ndi pamene likupuma. Mkati mwake ndi m'mawaya ake muli kukaniza pang'ono, ndipo pa batire lokalamba la mawaya opyapyala kukanizako kungafike maomu 0.1. Maampu 4 akamadutsa m'maomu 0.1 amadya mavoliti 0.4. Ndiye rilei ikangodula pa 11.5, katundu wachoka, voliteji imadumphira nthawi yomweyo ku 11.9. Kompareta imaona 11.9, imati batire lili bwino, nkulumikizanso. Katundu wabwerera, voliteji yagwa, yadulanso. Kugogoda kuja ndi kumeneku, ndipo pakugogoda kulikonse timilomo ta rilei timathetheka moto mpaka timada nkupserera.

Komanso sizithera pa 11.9 ayi. Mukalisiya batire lija kwa mphindi makumi angapo, limakwera lokha pang'onopang'ono mpaka cha ku 12.1 kapena 12.2, popanda chilichonse cholowamo. Zili ngati chitsime cha m'dambo mu Okutobala: mwatunga mpaka matope, mwachoka, pobwerera mupeza madzi atadikha ooneka bwino, koma ndowa imodzi yokha iwamaliza. Voliteji imene yabwererayo si mphamvu yatsopano. Chofunika ndi mlonda amene akadula pa 11.5 sadzalumikizanso mpaka ataona chinthu chimene batire lotopa silingathe kufikira palokha, monga 12.6, voliteji imene imabwera pokhapokha dzuwa litayamba kuthiramo moto.

Seketi yokhala ndi malire awiri otere imatchedwa thiriga ya Schmitt, ndipo mpata wa pakati pa malirewo ndiwo hisiteresisi. Otto Schmitt anali wa ku America, ndipo anaipanga mu 1934 ali wophunzira pa Yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis, pofufuza mmene uthenga umayendera m'mitsempha ya zamoyo. Anaisindikiza mu 1938, ndipo nthawi imeneyo inali ya mavavu a galasi, mathiranzisita asanabwere. Chimandichititsa chidwi nchakuti lero lino nzeru yonseyo imakwanira mu rezisita imodzi yochokera kotulukira kubwerera ku mwendo wa +. Rezisita imeneyi imachititsa kuti yankho limene kompareta yapereka lisunthe malire amene ikuyezera. Kotulukira kukakwera, malire amakwera nako. Kukatsika, malire amatsika. Seketi imakhala ngati ikukumbukira kumene yachokera, ndipo voliteji imodzimodzi ya 12.0 imatanthauza "pitirizani" ngati batire likutsika kuchokera kumwamba, koma "dikirani" ngati likukwera kuchokera pansi.

Ambiri amafika pamenepa, nkumva kuti pakufunika rezisita yobwerera, nkutola iliyonse ili pafupi, 100k kapena 1M, nkuwotcherera. Kugogoda kukasiya patebulo amati zatheka. Ine ndimakana zimenezi ndi mtima wonse, chifukwa malire onse awiri amawerengeka ndi pensulo mwachangu ndithu, ndipo rezisita yongotola imasankhira banja lonse nthawi yogona mumdima popanda wina woidziwa nthawiyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndimagwiritsa ntchito LM393, kachipu ka miyendo 8 kokhala ndi makompareta awiri. Mwendo 8 ndimaupatsa magetsi a batire mwachindunji, mwendo 4 ndi giraundi, ndipo pambali ndimaika regyuleta ya 7805 yopereka mavoliti 5 okhazikika oti tiyezere. Voliteji ya batire imayamba yachepetsedwa isanafike pa mwendo 2, umene ndi wa −. Marezisita awiri a 15k olumikizidwa motsatana kumtunda ndi imodzi ya 10k kumunsi amagawa voliteji ija ka 4. Motero 11.5 amaoneka ngati 2.875 pa mwendo 2, ndipo 12.6 amaoneka ngati 3.15. Mpata wa mavoliti 1.1 umene tikufuna pa batire wasanduka 0.275 pa mwendo wa kachipu. Nambala imeneyi ndiyo tigwire.

Tsopano mwendo 3, wa +. Umakokedwa ndi zinthu ziwiri. Mbali ina kuli voliteji yoyezera, Vref, imene imafika kudzera mu R1. Mbali inayo kuli mwendo 1, wotulukira, kudzera mu R2. Voliteji ya pa mwendo 3 imakhala pakati pa ziwirizi, ndipo imapendekera kumene kuli rezisita yaing'ono:

```
V+ = (Vref*R2 + Vout*R1) / (R1 + R2)
```

Popeza Vout ili ndi malo awiri okha okhalapo, 0 kapena 5, V+ nayonso ili ndi malo awiri okha, ndipo amenewa ndiwo malire athu. Mukachotsera malire a m'munsi ku a m'mwamba, Vref imafafanizika yonse, nkutsala ichi:

```
VTH - VTL = (VOH - VOL) * R1 / (R1 + R2)
```

Mzere umenewu ndimaukonda chifukwa umagawa ntchito pawiri mooneka bwino. Kukula kwa mpata kumachokera ku mmene R1 ikukulira poyerekeza ndi R2, kuchulukitsa ndi mtunda umene kotulukira kumadumpha. Vref ilibe mawu pamenepo, ntchito yake ndi kungonena pamene mpatawo ukhale, m'mwamba kapena m'munsi. Ife tikufuna 0.275 kuchokera mu kudumpha kwa mavoliti 5, ndiye 0.275 kugawa ndi 5 ndi 0.055, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 18. Kunena kwina, R2 ikule kuposa R1 pafupifupi ka 17.

Apa pali pobisalira pamene pamagwetsa anthu. Vref yathu sichokera ku batire lina lapadera, timaipanga ndi marezisita awiri kuchokera ku mavoliti 5 aja: 22k kumtunda, 33k kumunsi, pakati pake mavoliti 3.0. Munthu amayang'ana pa bolodi nkufunsa kuti R1 ili kuti, popeza palibe rezisita yolembedwa choncho. Ena amatenga 22k, ena 33k, ndipo onse alakwa. Kuchokera pa mwendo 3, marezisita awiriwa amaoneka ngati oima moyandikana, chifukwa magetsi obwera kudzera mu R2 angathe kuthawira mbali zonse ziwiri. R1 yeniyeni ndi 22 kuchulukitsa ndi 33, kugawa ndi 55, zimene zikupereka 13.2k. Kuchulukitsa ka 17 kukutifikitsa pa 224k, ndipo rezisita yopezeka m'sitolo yoyandikira pamenepo ndi 220k.

```
VTL = 3.0 * 220 / 233.2       = 2.830 V
VTH = VTL + 5 * 13.2 / 233.2  = 3.113 V
```

Taonani kuti malirewa sanakhale mofanana mbali zonse za 3.0. A m'munsi atsika ndi 0.17, a m'mwamba akwera ndi 0.11 okha. Chifukwa chake nchakuti 3.0 ili kutali ndi 0 kuposa mmene ilili ndi 5, choncho kotulukira kukatsika kumakoka mwamphamvu kuposa pamene kwakwera. Amene amangotenga theka la mpata nkuwonjezera uku, kuchotsera uko, amaphonya, pokhapokha Vref ikhale pakati penipeni pa kudumphako.

Tikabwezera manambalawa ku batire pochulukitsa ndi 4, tikupeza 11.32 ndi 12.45. Mpata uli bwino, koma wonse watsika pang'ono. Sindikhudza R2 pamenepa. Ndimawonjezera karezisita ka maomu 680 pa ma 15k awiri aja, kugawa kuja nkukhala ka 4.068 m'malo mwa ka 4, ndipo malire amafika pa 11.51 ndi 12.66. Masana batire lili lodzaza, mwendo 2 uli pamwamba, kotulukira kuli pansi, ndipo malire ogwira ntchito ndi 11.51. Usiku likatsika kupyola pamenepo, kotulukira kumakwera, malire amalumphira ku 12.66, ndipo 11.9 uja kapena 12.2 uja sangawafikire.

Kuwerengera konseku kwaima pa mawu amodzi amene tangowavomereza osawafunsa: kuti kotulukira kumafikadi pa 5. LM393 siitha kukankha magetsi kupita kunja. Mkati mwa mwendo 1 muli thiranzisita yongokokera pansi, ndipo ikasiya kukoka, mwendowo umakwezedwa ndi rezisita yakunja imene inu mwaika kupita ku mavoliti 5, tinene 4.7k. Popanda rezisita imeneyi seketi siigwira nkomwe. Ikakhalapo, ndipo mwendowo usananyamule china, zonse zili bwino, chifukwa 4.7k pambali pa 220k imangosuntha malire a m'mwamba ndi pafupifupi 0.002. Koma taganizani munthu walumikiza thiranzisita pa mwendo womwewo, kudzera mu rezisita inanso ya 4.7k kupita ku bezi yake. Bezi imaima pa 0.7, marezisita awiri ofananawo amagawana zotsalazo, ndipo mwendo 1 umathera pa 2.85 m'malo mwa 5. Ikani 2.85 mu fomula ija. Mpata wa pa batire watsika kuchoka pa 1.15 kufika pa 0.66, ndipo malire olumikizira agwa kufika pa 12.17.

Kabokosi kotere ndinakaona kwa azakhali anga, kopangidwa ndi mmisiri wina wa pamsika, ndipo matenda ake anali osiyana ndi kugogoda kuja. Magetsi ankazima cha m'ma 8 koloko usiku, nyumba nkukhala zii. Patapita nthawi ndithu, anthu atagona kale, mababu onse ankayaka okha, wailesi nkuyamba kulankhula, kenako nkuzimanso.

"Mwanangu, magetsi amenewa ali ndi nthawi yawoyawo," anatero azakhaliwo akundionetsa kabokosiko. "Tikawafuna athawa, tikagona abwera."

Ndinatsegula chivundikiro nkuika mita pa mwendo wotulukira, magetsi ali odulidwa. Mita inawerenga pang'ono pansi pa 3. Marezisita onse anali olondola, mitundu ya mizere yake ikugwirizana ndi chojambula chimene mmisiriyo anamata ndi selotepi mkati mwa chivundikiro. Iye anawerengera bwino. Chimene chinamupita ndi chakuti thiranzisita imene anawonjezera pomaliza inadya pafupifupi theka la kudumpha kumene masamu ake ankadalira. Batire linkapuma, nkukwera lokha kupyola 12.17, nkulumikizidwa, nkukamidwanso, usiku wonse, tsiku ndi tsiku. Chipangizo choteteza batire ndicho chinkalimaliza.

Mankhwala ake ali m'kachipu komweko. Kompareta yachiwiri ya LM393 nthawi zambiri imangokhala osagwira ntchito. Tengani mwendo 1 muulowetse pa mwendo 6, ikani mavoliti 2.5 pa mwendo 5 kuchokera ku marezisita awiri a 10k, ndipo mwendo 7, wokhala ndi rezisita yakeyake youkweza, ndiwo uyendetse thiranzisita ndi rilei. Mwendo 6 sukoka magetsi oti nkuwerengera, choncho mwendo 1 umadumpha mokwanira. Komanso kompareta yachiwiriyi imatembenuza yankho, kuti rilei izigwira batire likakhala bwino nkusiya likatopa. Dayodi ya 1N4007 pa koyilo ya rilei musaiiwale, apo ayi thiranzisita siikhalitsa.

Chachiwiri chimene chimasocheretsa malire ndi mavoliti 5 enieniwo. Regyuleta wamba ya 7805 imaloledwa kupereka chilichonse pakati pa 4.8 ndi 5.2. Mu seketi yathu Vref ndi VOH zonse zimachokera kwa iyo, ndiye ikaphonya, malire onse awiri amasuntha limodzi. Ikapereka 4.8, kudula kumachitika pa 11.05. Ikapereka 5.2, pa 11.97, ndipo kulumikiza kumapita kupyola 13. Kusiyana kumeneku nkokulirapo pa batire la asidi, limene ulendo wake wonse kuchoka podzaza kufika potheratu, likamapuma, ndi pafupifupi voliti imodzi. Marezisita a mzere wagolide nawo amaloledwa kuphonya ndi 5 pa 100 alionse. Nchifukwa chake ndimayeza regyuleta ndi mita ndisanayambe kuwerengera, ndimasankha marezisita ophonya ndi 1 pa 100, ndipo pamalo pa karezisita ka 680 kaja ndimakonda kuika kosinthika ka 2k kapena kupitirira apo. Kosinthikako kamasuntha malire onse awiri pamodzi. R2 ndiyo imakulitsa kapena kuchepetsa mpata. Mukasokoneza ntchito ziwirizi mudzakhala mukupotokola tsiku lonse.

Kuyesa kwake sikufuna zambiri, koma kumafuna kudekha. Chotsani batire, ikani gwero la magetsi losinthika, yambani pa 13, tsitsani pang'onopang'ono mpaka rilei itasiya, lembani nambalayo. Kenako kwezani pang'onopang'ono mpaka itagwiranso, lembaninso. Manambala awiriwa amakuuzani pamene pali vuto. Ngati ali ofanana kapena rilei ikunjenjemera pamalire, R2 siinalumikizike, kapena yapita ku mwendo wa − m'malo mwa wa +. Ngati a m'munsi ali olondola koma a m'mwamba ndi otsika, pitani mukayeze mwendo 1, china chake chikuulemera. Ngati onse awiri asunthira mbali imodzi koma mpata uli pafupifupi womwewo, yang'anani regyuleta ndi marezisita ogawa voliteji ya batire. Ndipo ngati zonse zili bwino patebulo koma kunyumba magetsi akuduka nthawi iliyonse imene injini ya pampu kapena firiji ikuyamba, limenelo si vuto la mpata. Ndi kugwa kwa kanthawi kochepa, ndipo kapasita ya 100µF kuchoka pa mwendo 2 kupita ku giraundi imachedwetsa kompareta pafupifupi sekondi imodzi kuti kugwako kudutse. Pa mwendo 3 musaikepo kapasita yotere, chifukwa ingachedwetse kulumpha kwa malire, kumene kuyenera kuchitika mwadzidzidzi.

Chimene masamu sangakusankhireni ndi nambala yoyamba ija, mpata wa 1.1. Mabuku ambiri amaphunzitsa thiriga ya Schmitt ngati yothetsa phokoso la magetsi, timafunde ting'onoting'ono ta pa waya, ndipo pa ntchito imeneyo mpata waung'ono kwambiri umakwana. Pa batire phokoso si mdani wamkulu. Mdani ndi yankho la batire lenilenilo pa zimene seketi yachita, ndipo yankholo limasiyana nyumba ndi nyumba. Choncho ndisanasankhe R2 ndimayatsa zonse zimene banjalo limayatsa madzulo, ndimayeza pa mitu ya batire, ndimazimitsa zonse, ndimayezanso nthawi yomweyo, kenako ndimadikira theka la ola nkuyeza kachitatu. Malire olumikizira ayenera kukhala pamwamba pa nambala yachitatuyo ndi pang'ono ndithu.

Koma kukweza kulinso ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi anthu. Mukaika R2 ya 150k m'malo mwa 220k, nkusintha kosinthika kaja kuti kudula kukhalebe pa 11.5, malire olumikizira amafika pafupifupi pa 13.2. Batire limasangalala. Koma ku Thyolo kapena ku Mulanje m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta mapiri masiku angapo, panelo yaing'ono mwina siingalikweze kufika pamenepo, ndipo banja lidzakhala mumdima ndi batire limene mita ikuti lili pa 12.8, lokhala ndi mphamvu yokwanira kuyatsa mababu awiri ndi kutchaja foni. Mwana amene mayeso ake ali pafupi sadzamvetsa chifukwa chake, ndipo bambo ake adzatenga waya nkulumpha kabokosi konseko, batire nkutsala lopanda mlonda aliyense.

Pachifukwa chimenechi ine ndimaima pa 12.6 kapena 12.7 m'nyumba zambiri, ndipo ndimakwererako pokhapokha batire likhale lokalamba kwambiri moti limadzikweza lokha kufika pafupi ndi pamenepo. Ndimawonjezeranso kabatani kodina kamodzi, kolumikiza mwendo 3 ku giraundi kudzera mu rezisita ya 10k. Munthu akakadina, malire amatsika kwa kamphindi, kotulukira kumagwa, ndipo akakasiya seketi imatsala pa malire a m'munsi aja a 11.51. Ngati batire lili ndi mphamvu, magetsi amakhalabe. Ngati lilibe, amaduka okha voliteji ikangogwanso pansi pa 11.51, ndipo mwininyumba amakhala wadzionera yekha mmene batire lake lilili.